Momwe mungasandutsire kosi autilaini kukhala tebulo la sabata ndi sabata

Semesita iliyonse ikamayandikira, sipalephera kubwera mphunzitsi watsopano ku ofesi kwanga atanyamula mapepala awiri kapena atatu amene wapatsidwa ndi mkulu wa dipatimenti, ndipo funso lake limakhala lomwelomwelo: mitu ndaiona, mabuku ndawaona, nanga ndidziwa bwanji choti ndiphunzitse sabata iti, ndipo asainimenti ndiiike pati? Ndakhala ndikuyankha funsoli pakamwa, nthawi zina titaimirira pakhomo, mpaka ndaona kuti kuli bwino ndilembe kamodzi kuti aliyense aziwerenga yekha.

Mapepala amenewo ndiwo timawatcha kosi autilaini. Amanena dzina la kosi, zolinga zake, mndandanda wa mitu, mabuku oyenera kuwerengedwa, ndi momwe malikisi agawidwire pakati pa ntchito za mkati mwa semesita ndi mayeso omaliza. Chimene sanena ndi masiku, chifukwa autilaini imodzi imagwira ntchito zaka zingapo pamene kalendala imasintha chaka ndi chaka. Amene munaphunzitsako ku pulayimale kapena ku sekondale mukuidziwa kale ntchitoyi, popeza ndi yofanana ndi kulemba sikimu kuchokera mu silabasi. Kusiyana kwake n'kwakuti tebulo ili silikhala la inu nokha ndi ahedi, koma limapita m'manja mwa ophunzira, ndipo tsiku lililonse limene mwalembamo iwo amalitenga ngati lonjezo.

Kuti zimveke, nditenga chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Kosi yake ndi ya mbiri ya Malawi kuyambira 1859 mpaka 1964, ya ophunzira 120 a chaka choyamba, ndipo imakumana Lachiwiri kwa maola 2 ndi Lachisanu kwa ola limodzi. Semesita ya chitsanzoyi ndaiyika m'chaka cha 2026: kuphunzitsa kukuyamba Lolemba pa 9 Febuluwale ndi kutha Lachisanu pa 22 Meyi, ndipo pakati pali sabata imodzi yopuma kuyambira pa 30 Malichi mpaka pa 3 Epulo. Masiku otsegulira ndi otsekerawa ndi ongoyerekeza, inu mudzaikapo a kwanu, koma masiku a tchuthi cha boma amene nditchule ndi enieni.

1. Sonkhanitsani mapepala anayi musanajambule mzere uliwonse

Mukufunika autilaini yovomerezeka, kalendala ya chaka cha maphunziro ya sukulu yanu, taimutebulo yosonyeza masiku ndi maola amene kalasi yanu imakumana, ndi kalendala wamba yokhala ndi masiku a tchuthi. Pa autilaini samalani kuti mwatenga imene inavomerezedwa komaliza, osati imene mnzanu wakutumizirani kuchokera mu kompyuta yake, chifukwa zimachitika kuti magawidwe a malikisi anasinthidwa koma pepala lakale likuyendayendabe. Magawidwewo si anu oti musinthe. Ngati autilaini ikuti ntchito za mkati mwa semesita zitenge malikisi 40 ndipo mayeso omaliza atenge 60, monga ilili ya chitsanzo chathu, tebulo lanu liyenera kunena zomwezo.

Funsaninso ku ofesi ya dipatimenti masiku awiri amene kawirikawiri salembedwa pa kalendala yaikulu: tsiku lomaliza lopereka malikisi a ntchito za mkati mwa semesita, ndi tsiku lopereka mafunso a mayeso omaliza kuti aunikidwe. M'chitsanzo chathu titenga kuti malikisi akufunika pa 22 Meyi.

2. Lembani masiku enieni a kalasi, limodzilimodzi

Tsegulani Excel, LibreOffice Calc kapena Google Sheets, kapena tengani pepala lalikulu ndi rula, mujambule mzere umodzi pa sabata iliyonse, kuphatikizapo sabata yopuma. Ngati mukugwiritsa ntchito kompyuta, lembani tsiku la Lachiwiri loyamba m'bokosi B2, kenako m'bokosi la pansi pake mulembe izi ndi kuzikokera mpaka pansi:

```
=B2+7
```

Chitani chimodzimodzi ndi masiku a Lachisanu m'danga lotsatira. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri apa ndi kudumpha mzere wa sabata yopuma: munthu amalemba masabata 1 mpaka 14 motsatizana, kompyuta n'kumuwerengera masiku mokhulupirika, ndipo masiku onse a theka lachiwiri la semesita amatsalira m'mbuyo ndi sabata yathunthu popanda iye kuzindikira. Sabata yopuma ikhale ndi mzere wake, koma musaipatse nambala. Chinanso, mwezi uzilembedwa m'mawu, chifukwa 3/4 kompyuta ina imaiwerenga ngati 3 Epulo pamene ina imaiwerenga ngati 4 Malichi, ndipo wophunzira amene wachedwa ndi asainimenti adzasankha kuwerenga kumene kukumukomera.

3. Chotsani maola amene simudzakhala nawo

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa matebulo ambiri amene amaoneka okongola sabata yoyamba amafera pomwepa. Pa pepala, masabata 14 a maola 3 akupereka maola 42. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo maola 42 amenewa ena mwa iwo ali pachala.

Yambani ndi tchuthi cha boma. Pa 3 Malichi, tsiku lokumbukira amene anafera ufulu wa dziko lino, mu 2026 ndi Lachiwiri, choncho maola 2 apita. Pa 1 Meyi, tsiku la anthu apantchito, ndi Lachisanu, ndipo ola linanso lapita. Lachisanu Loyera, pa 3 Epulo, lagwera m'sabata yopuma, Lolemba la Pasaka pa 6 Epulo silikutikhudza, ndipo tsiku la Kamuzu pa 14 Meyi ndi Lachinayi, choncho masiku atatuwa sakutilanda kanthu. Mnzanu amene amaphunzitsa Lolemba ndi Lachinayi akawerengetsa apeza zosiyana ndi zanu ngakhale muli m'semesita imodzi, ndipo ichi ndicho chifukwa chake tebulo silibwerekedwa. Ndiye pali Idi ya kumapeto kwa Ramadani, imene tsiku lake limadikira kuoneka kwa mwezi ndipo limalengezedwa kutatsala pang'ono. Mu 2026 ikugwera cha pa 20 Malichi, lomwe ndi Lachisanu. Tsiku lotereli muliwerenge ngati lotayika, osaikapo mutu watsopano kapena mayeso. Likapulumuka, mudzakhala mwatola ola laulere. Kumbukiraninso kuti tchuthi chikagwera Loweruka kapena Lamulungu, boma limachisunthira ku Lolemba lotsatira. Titachotsa maola 4 amenewa tatsala ndi 38.

Kenako chotsani maola amene kalasi idzakumana koma simudzaphunzitsa mutu watsopano. Lachiwiri loyamba, pa 10 Febuluwale, ophunzira ena adzakhala akadali pa mzere wolembetsa, ena sanafike n'komwe chifukwa akusakasaka ndalama ya fizi kapena malo ogona, ndipo chipinda chimene mwapatsidwa mwina mudzachipeza muli kalasi ina. Tsikuli ndi logawa tebulo ndi kufotokoza kayendedwe ka kosi, ndipo latenga maola 2. Mayeso a pakati pa semesita atenga Lachiwiri lina, maola 2. Sabata yomaliza ndi yobwereza, maola 3. Tatsala ndi 31. Pomaliza sungani ola limodzi lopanda mutu, loti lidzalandire chilichonse chimene chidzatsalire magetsi akadzazima, mukadzaitanidwa ku maliro kapena msonkhano ukadzakugwerani mwadzidzidzi. Ine ndimasankha Lachisanu loyandikana ndi sabata yopuma, pa 27 Malichi, chifukwa ndi tsiku limene theka la kalasi limakhala lili kale pa depoti ndi zikwama. Maola enieni ophunzitsira mitu ndi 30, ndipo mwa iwo 13 ali tchuthi chisanafike pamene 17 ali pambuyo pake.

Chaka changa choyamba sindinachite zimenezi. Ndinagawa mitu molingana pa masabata onse, ndinachedwa pa mitu yoyambirira chifukwa ndinkaikonda, ndipo pofika sabata ya 12 ndinali ndisanayambe nkhani ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland pamene mafunso a mayeso, awiri mwa iwo a mutu womwewo, anali ataunikidwa kale ndi kutsekeredwa. Ndinaitanitsa kalasi Loweruka kawiri. Ophunzira a mpingo wa Seventh Day sanabwere, ndipo anali ndi chifukwa chomveka, moti ndinabwerezanso phunziro lomwelo madzulo ena m'chipinda chobwereka. Kuyambira pamenepo sindiwerengera Loweruka ngati nkhokwe, ngakhalenso nthawi ya nkhomaliro ya Lachisanu imene Asilamu amapita kumzikiti.

4. Gawani maolawo pa mitu, koma osati molingana

Autilaini ya chitsanzo chathu ili ndi mitu 8, ndipo pa pepala yonse imaoneka yofanana chifukwa uliwonse watenga mzere umodzi. M'kalasi siili choncho. Pa mutu uliwonse dzifunseni zinthu zitatu: kodi ophunzira akubwera akudziwako kale kuchokera ku sekondale, kodi mitu ya kutsogolo yatsamira pa umenewu, ndipo kodi ndi mbali yaikulu bwanji ya zolinga za kosi ndi ya mayeso imene ili pamenepa.

Mutu 1, wa momwe dera lino linalili azungu asanafike, ndi nkhani za Amaravi, Angoni, Ayao ndi malonda a ukapolo, ndaupatsa maola 3. Mutu 2, wa kufika kwa David Livingstone kunyanja mu 1859 ndi kukhazikitsidwa kwa mishoni za Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876, nawonso maola 3, chifukwa ophunzira ambiri mayina ndi zaka zimenezi anaziloweza kale. Mutu 3, wa kuyamba kwa ulamuliro wa Britain mu 1891 pansi pa Harry Johnston, ndaupanikiza m'maola 2. Koma mutu 4, wa kulandidwa kwa malo, msonkho wa nyumba ndi thangata, ndaupatsa maola 5, popeza wophunzira amene sanamvetse momwe munthu ankagwirira ntchito pa esiteti ya mzungu polipira malo okhala sangamvetse chimene chinachitika ku Magomero mu Januwale 1915. Mitu inayi imeneyi ikukwana ndendende m'maola 13 a theka loyamba. M'theka lachiwiri, mutu 5 wa John Chilembwe watenga maola 5, mutu 6 wa mabungwe a mbadwa mpaka kubadwa kwa Nyasaland African Congress mu 1944 watenga 3, mutu 7 wa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 watenga 6, ndipo mutu 8 wa ufulu wa pa 6 Julaye 1964 ndi mpungwepungwe wa nduna umene unatsatira watenga 3.

Lembani maola a sabata iliyonse m'danga lake, mwachitsanzo danga E, ndipo pansi pake muike chowerengera ichi kuti mukasuntha mutu muziona nthawi yomweyo ngati mwapyola 30:

```
=SUM(E2:E16)
```

Musaope kuti mutu uyambe Lachisanu n'kutha Lachiwiri la sabata yotsatira. Anthu ambiri amakakamiza kuti sabata iliyonse ikhale ndi mutu wake chifukwa tebulo limaoneka laudongo, koma udongo umenewo umalipiridwa ndi mutu wolemera umene wamanidwa nthawi. Chimene muyenera kupewa ndi kudula mutu pakati ndi sabata yopuma, popeza ophunzira akabwerako mumayambiranso pachiyambi. Ndipo mukapeza kuti mitu ikukana kulowa m'maola amene muli nawo, musachepetse sabata yobwereza kapena ola losungira. Sankhani mbali ya mutu imene ophunzira angathe kuwerenga okha, muilembe poyera m'tebulo kuti imeneyi ndi yowerenga paokha ndipo ikhoza kufunsidwa, kenako mukadziwitse mkulu wa dipatimenti kuti autilaini yalemera kuposa semesita.

5. Ikani masiku a ntchito zochongedwa poyambira kumapeto

Ili ndi gawo lachiwiri lovuta, ndipo njira yake ndi yobwerera chammbuyo. Autilaini yathu ikuti malikisi 40 agawidwe motere: asainimenti yaifupi 10, mayeso a pakati pa semesita 15, asainimenti yaitali 15. Wophunzitsa watsopano amakonda kuika asainimenti yaitali m'sabata yomaliza, poganiza kuti akuwachitira chifundo ophunzira powapatsa nthawi. Tiyeni tiwerengetse. Kuchonga chimangirizo cha masamba 5 kapena 6 mosamala, ndi kulembapo ndemanga imene wophunzira angaigwiritse ntchito, kumanditengera mphindi 20. Mapepala 120 ndi mphindi 2,400, omwe ndi maola 40. Ngati ndikufuna kubweza mapepalawa Lachiwiri pa 19 Meyi, kuti ophunzira aone zolakwa zawo m'sabata yobwereza ndiponso kuti odandaula adandaule malikisi asanapite ku ofesi pa 22 Meyi, ndipo ngati ndingathe kuchonga maola 3 pa tsiku la ntchito, ndikufunika masiku 14. Kuwerenga chobwerera kuchokera pa 18 Meyi, modumpha Loweruka, Lamulungu, 14 Meyi ndi 1 Meyi, kukundifikitsa pa 27 Epulo. Choncho asainimenti iyenera kulowa Lachisanu pa 24 Epulo, m'sabata ya 10, mwezi wathunthu kuphunzitsa kusanathe.

Tsiku limeneli likangokhazikika, limalamula zinthu zina ziwiri. Choyamba, funso la asainimenti silingakhale la chitaganya, popeza pa 24 Epulo ndi pamene mutuwo ukuyamba kumene. Liyenera kukhala la thangata ndi Chilembwe, mitu imene idzakhale itatha pa 14 Epulo, masiku 10 tsiku lopereka lisanafike. Chachiwiri, funsolo liperekedwe kwa ophunzira pa 24 Malichi akamatuluka m'mayeso, kuti apite nalo ku tchuthi. M'tebulo muzilemba masiku atatu pa ntchito iliyonse: lolandira funso, lopereka ntchito, ndi lobwezeredwa mapepala. Tsiku lachitatulo ambiri amalisiya dala chifukwa limamanga mphunzitsi, koma ndilo limapangitsa kuti ophunzira alemekeze masiku enawo.

Mayeso a pakati ndawaika pa 24 Malichi, Lachiwiri, chifukwa akufuna maola 2, akubwera sabata yathunthu mutu 4 utatha, ndipo mapepala ake ndidzachonga m'sabata yopuma n'kuwabweza pa 10 Epulo. Asainimenti yaifupi, ya masamba 2, ndaiika pa 6 Malichi kuti ndibweze pa 17 Malichi, ophunzira a chaka choyamba adziwe momwe ndimachongera asanalowe m'mayeso. Lamulo lake ndi lakuti ntchito iliyonse ibwerere m'manja mwa mwini wake yotsatira isanafike.

Musanatsimikize masikuwa, pitani kwa anzanu amene akuphunzitsa ophunzira omwewo. Aliyense akamawerengetsa payekha, onse amathera m'sabata ya 7 ndi ya 10, ndipo wophunzira amapezeka ndi mayeso anayi m'masiku atatu. Zotsatira zake mudzaziona m'kalasi mwanu: mipando yopanda anthu sabata imeneyo, ndi zimangirizo zofanana mawu ndi mawu. Kusuntha tsiku limodzi semesita isanayambe n'kosavuta, pamene kulisuntha tebulo litagawidwa kale kumabweretsa mikangano.

6. Dulani zowerenga kukhala masamba owerengeka

Autilaini imangotchula mabuku athunthu, ena ngati ofunika kwa aliyense ndipo ena ngati owonjezera kwa wofuna kuzama. Pa kosi yotereyi mudzapezapo buku la John McCracken la mbiri ya Malawi kuyambira 1859 mpaka 1966, lomwe linatuluka mu 2012 ndipo lili ndi masamba oposa 400, ndi la George Shepperson ndi Thomas Price lonena za Chilembwe, la 1958, lomwenso ndi lalikulu. Kungolemba dzina la McCracken pa sabata iliyonse kuli ngati kutuma mwana kuti akatenge chingwe m'dambo. Tsegulani bukulo inuyo, mupeze chaputala kapena gawo limene likuyankha mutu wa tsikulo, mulembe tsamba loyambira ndi lothera, ndipo mutchule chaka chimene kope lanu linasindikizidwa, chifukwa buku likasindikizidwanso manambala a masamba amatha kusintha.

Kuchuluka kwake ndimakuyesa motere. Monga ndaonera kwa ophunzira anga a chaka choyamba, Chingerezi cha m'mabuku oterewa amachiwerenga pafupifupi masamba 8 pa ola ngati akulemba manotsi, choncho masamba 25 ndi maola 3, ndipo munthuyo ali ndi makosi ena anayi kapena asanu. Sindipyola masamba 25 pa sabata ya kalasi. Sabata imene muli asainimenti ndimachepetsa kwambiri kapena kuchotseratu, ndipo chowerenga chachitali ndimachiika pa tchuthi. Chowerenga chilembedwe pa tsiku limene chiyenera kukhala chitawerengedwa kale, ndipo mawu amenewa alembedwe pamwamba pa tebulo, apo ayi theka la kalasi lidzaganiza kuti ndi chowerenga pambuyo pa phunziro.

Kenako nyamukani mupite ku laibulale mukawerenge makope amene ali pa shelefu. Mukapeza atatu pa anthu 120, dziwani kuti oyamba kubwereka adzakhala nawo mpaka mayeso. Pemphani ogwira ntchito kumeneko kuti makopewo aikidwe pa mabuku obwereka kwa maola ochepa, ndipo muwafunse njira yololedwa yoperekera magawo afupiafupi kwa kalasi yonse. Chowerenga chimene inu simunachione ndi maso kuti chikupezeka chisalowe m'tebulo.

7. Dzazani tebulo

Kuti tebulo lioneke bwino pa foni, limene ndi malo amene ambiri adzaliwerengere, madanga asapyole asanu. Danga la maola ndi lanu lowerengetsera, lisapite kwa ophunzira. Zowerenga muzipatse zilembo, ndipo tsatanetsatane wake, wolemba, chaka ndi manambala a masamba, akhale pansi pa tebulo. Chitsanzo chathu chikutuluka motere, ndipo manambala otsatira zilembo ndi kuchuluka kwa masamba:

| Sabata | Lachiwiri | Lachisanu | Zowerenga | Zochongedwa |
|---|---|---|---|---|
| 1 | 10 Febuluwale: kufotokoza kosi | 13 Febuluwale: mutu 1 | palibe | |
| 2 | 17 Febuluwale: mutu 1 | 20 Febuluwale: mutu 2 | A, 20 | 17: funso la asainimenti yaifupi |
| 3 | 24 Febuluwale: mutu 2 | 27 Febuluwale: mutu 3 | B, 22 | |
| 4 | 3 Malichi: tchuthi | 6 Malichi: mutu 3 | C, 10 | 6: kupereka asainimenti yaifupi |
| 5 | 10 Malichi: mutu 4 | 13 Malichi: mutu 4 | D, 25 | |
| 6 | 17 Malichi: mutu 4 | 20 Malichi: mwina Idi | E, 15 | 17: kubweza mapepala |
| 7 | 24 Malichi: mayeso | 27 Malichi: zotsalira | palibe | 24: mayeso, mitu 1 mpaka 4, funso la asainimenti yaitali |
| kupuma | 31 Malichi | 3 Epulo | F, 40 | |
| 8 | 7 Epulo: mutu 5 | 10 Epulo: mutu 5 | F | 10: kubweza mayeso |
| 9 | 14 Epulo: mutu 5 | 17 Epulo: mutu 6 | G, 15 | |
| 10 | 21 Epulo: mutu 6 | 24 Epulo: mutu 7 | palibe | 24: kupereka asainimenti yaitali |
| 11 | 28 Epulo: mutu 7 | 1 Meyi: tchuthi | H, 20 | |
| 12 | 5 Meyi: mutu 7 | 8 Meyi: mutu 7 | I, 25 | |
| 13 | 12 Meyi: mutu 8 | 15 Meyi: mutu 8 | J, 20 | |
| 14 | 19 Meyi: kubwereza | 22 Meyi: kubwereza | palibe | 19: kubweza mapepala |

M'tebulo lenileni muzilemba dzina la mutu, osati nambala yokha, ndipo pa tsiku lopereka ntchito muwonjezere ola ndi malo, monga 12 koloko masana ku ofesi ya dipatimenti. Mwina mwaonanso kuti tchuthi cha pa 3 Malichi chikutilanda kalasi m'sabata ya 4 pamene zimene zinachitika pa 3 Malichi 1959, kumangidwa kwa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi kuwomberedwa kwa anthu ku Nkhata Bay, tidzazifika mu Meyi. Ndinayesapo kusuntha mutuwo kuti ugwirizane ndi tsikulo, koma ophunzira anasokonezeka podumpha zaka 60 n'kubwereranso, ndipo ndinaona kuti n'kwabwino kutsatira ndondomeko ya zaka ndi kungowakumbutsa pa 6 Malichi kuti nkhaniyo ikubwera.

8. Liyeseni musanaligawe, ndipo mukalisintha musinthe poyera

Ikani autilaini kumanzere ndi tebulo kumanja, muchonge mutu uliwonse kuti walowa, malikisi a ntchito zitatu akukwana 40, ndiponso palibe tsiku la mayeso kapena lopereka ntchito limene likubwera mutu wake usanaphunzitsidwe. Onetsetsani tsiku lililonse pa kalendala ya pakhoma, osadalira kompyuta yokha. Mukatero lipatseni mnzanu kapena wophunzira wa chaka chapamwamba, mumufunse kuti pa 14 Epulo ayenera kubwera atawerenga chiyani ndipo ntchito yotsatira ndi ya liti. Akazengereza poyankha, vuto lili m'tebulo.

Potumiza kwa ophunzira, lisandutseni PDF kuti madanga asasokonekere pa foni ndiponso kuti wina asasinthe tsiku n'kutumiza kwa anzake. Pamwamba pake lembani tsiku limene mwalitulutsa. Perekani kwa mtsogoleri wa kalasi kuti aliike pa gulu lawo la WhatsApp, mumate kope limodzi pa bolodi la dipatimenti chifukwa cha amene alibe foni yotha kutsegula mapepala otere, ndipo kope lina lisungidwe ku ofesi.

Semesita ikayamba, Lachisanu lililonse mukatuluka m'kalasi lembani pa kope lanu pamene mwafika. Mukatsalira ndi ola limodzi, ola losungira lija lilipo. Mukatsalira ndi sabata yathunthu, monga zimachitikira sukulu ikatsekedwa mwadzidzidzi, bwererani ku gawo 3, muwerengetsenso maola amene atsala, mutulutse tebulo latsopano lokhala ndi tsiku latsopano pamwamba, ndi kuuza kalasi kuti lakale lafa. Mitu ikhoza kusuntha mbali iliyonse, koma tsiku lopereka ntchito lingasunthidwe kupita kutsogolo kokha, ndipo likasuntha, tsiku lanu lobwezera mapepala muliwerengetsenso ndi maola 40 aja. Kope limene mwalembalembapo ndi cholembera musalitaye semesita ikatha, chifukwa ndilo lidzakuuzeni chaka chamawa kuti mutu 4 unadya maola 6 m'malo mwa 5, ndi kuti ola lowonjezeralo mudzalitenge pa mutu uti.